Mlandu wa mabelo 40 a shuga: momwe ophunzira amasulidwira pa luso la kukambirana

Si mlandu uliwonse umene umafika pa chigamulo cha jaji. Yambiri ya ndalama, ya malo ndi ya kuntchito imathera pa tebulo, anthu awiri atakhala moyang'anana, aliyense ndi fayilo yake ndi cholembera. Ngakhale malamulo a 2017 oyendetsera milandu ku khoti lalikulu m'Malawi muno amalamula kuti milandu yambiri yomwe si yaupandu iyambe yadutsa kwa mkhalapakati isanazengedwe. Choncho wophunzira zamalamulo, ofisala wa zantchito kapena mtsogoleri wa bungwe la apantchito yemwe sadziwa kukambirana amaluzitsa anthu ake khoti lisanatsegule n'komwe.

Luso limeneli silituluka m'buku lokha. N'chifukwa chake m'maphunziro a kathetsedwe ka mikangano muli phunziro lina lochita kusewera. Wophunzira amapatsidwa kasitomala wongopeka woti amuimire, ndipo wothandizira mphunzitsi, yemwe kawirikawiri amakhala woti adamaliza kale maphunzirowo, amakhala mbali inayo ya tebulo ngati loya wa mdani. Kaphunzitsidwe kotere kadafala kwambiri kuchokera ku sukulu ya zamalamulo ya Harvard ku America, komwe Roger Fisher ndi William Ury adalemba buku lawo lotchuka la kukambirana mu 1981. Ine ndimaona kuti phunziroli limaima kapena kugwa chifukwa cha munthu mmodzi, wothandizirayo. Akasewera mwachifundo wanamiza wophunzira, ndipo akasewera mwankhanza palibe chomwe wamuphunzitsa. Kuti zimveke bwino, tiyeni titsatire mlandu umodzi wopeka kuyambira pomwe mapepala agawidwa mpaka pomwe anthu asainirana.

Mapepala atatu

Pepala loyamba amalandira onse. Likunena kuti dalaivala wina wagwira ntchito zaka 8 pa kampani yogulitsa katundu pa holoselo ku Limbe, ndipo amalandira K260,000 pa mwezi. Tsiku lina adanyamula shuga pa lole kupita naye ku Mzuzu, koma atafika kudapezeka kuti mabelo 40 palibe. Atabwerera ku Limbe adapeza kalata ikumudikira pa geti, yomuchotsa ntchito tsiku lomwelo pa mlandu wakuba. Sadaitanidwe ku bwalo lililonse la pakampani kuti ayankhepo. Papita masabata 10 chichotsedwere, ndipo mbali zonse zavomera kukumana kuti aone ngati nkhaniyi ingathe osapita kukhoti.

Pepala lachiwiri ndi la wophunzira yekha, poti iye ndiye loya wa dalaivala. M'menemo muli zomwe kasitomala wamunong'oneza. Kampani ina ya mtengatenga yamulonjeza ntchito, koma ikufuna kalata yoonetsa kuti sadachoke ndi mbiri yakuba, ndipo imudikira mwezi umodzi wokha. Lendi ya nyumba yakwana miyezi iwiri osalipira. Kalatayo ikakhalapo, iye atha kulandira K1,800,000 n'kuiwala zonse, koma pansi pa pamenepo ayi. Ndipo pali kanthu kamodzi kowawa: pa Jenda adaimika lole kwa maola awiri n'kupita kukaona mlongo wake wodwala, pomwe malamulo a kampani amaletsa kusiya galimoto yodzaza katundu popanda woyang'anira.

Pepala lachitatu ndi la wothandizira mphunzitsi, loya wa kampani. Bwana wamuloleza kufika pa K2,600,000, osapitirira, ndipo ndalama yomwe kampani ingatulutse pakamodzi ndi K1,500,000 basi. Kalaliki yemwe adawerenga mabelo pokweza adasiya ntchito mwadzidzidzi ndipo sakupezeka, kotero mboni yeniyeni palibe. Kampani ikupikisana nawo pa mwayi wopereka katundu ku bungwe lina lalikulu, ndiye sikufuna dzina lake litchulidwe m'nyuzipepala. Bwana wakanitsitsa zinthu ziwiri, kupepesa ndi kumubweza dalaivala pantchito. Za kalata, alibe nazo vuto. Za pa Jenda, kampani sikudziwa chilichonse.

Wowerenga amene waona mapepala onse atatu waona kale chomwe awiriwo sakuona. Dalaivala angalole K1,800,000, kampani ingalipire K2,600,000, ndiye pakati pali mpata wa K800,000 womwe mgwirizano ungagwere paliponse. Komanso chinthu chomwe dalaivala akuchifunitsitsa, kalata, kampani sichiidyera ngakhale tambala. Phunziro lonse lagona pa funso loti wophunzira atulukira bwanji zimenezi m'mphindi 40 zomwe wapatsidwa, osaulula zake.

Masamu a usiku wa dzulo lake

Wophunzira wokonzeka amabwera atawerenga lamulo la zantchito la 2000. Ndime 57 imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe lake kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayambe wapatsidwa mwayi wodziteteza. Ndime 61 imaika udindo wopereka chifukwacho pa wolemba ntchito. Apa dalaivala waima pabwino, chifukwa kalata ya pa geti si mwayi wodziteteza.

Kenako pamabwera masamu. K260,000 pa mwezi ndi K60,000 pa sabata. Munthu wochotsedwa mopanda chilungamo amayenera ndalama ya zaka za ntchito: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, ndi a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi. Kwa dalaivalayu ndi masabata 10 kuphatikiza 9, onse 19, yomwe ndi K1,140,000. Pamwamba pake pali chipepeso cha ndime 63, chomwe kwa munthu wa zaka zoposa zisanu koma zosapitirira khumi sichiyenera kuchepera malipiro a masabata awiri pa chaka. Masabata 16 amenewo ndi K960,000. Tikaonjeza mwezi umodzi wa notisi, K260,000, zonse pamodzi zikukwana K2,360,000.

Nambala imeneyi ndi yomwe imakola ophunzira ambiri. Amaiona ngati denga, pomwe chipepeso chomwe aikamocho ndi chapansi penipeni. Lamulo limati khoti lipereke chomwe laona kuti n'choyenera potengera zomwe munthuyo wataya, ndipo makhoti amatha kupereka choposa pamenepo. Koma lamulo lomwelo limauzanso khoti kuti lione ngati wantchitoyo adathandizira yekha kuchotsedwa kwake, ndipo apa m'pomwe nkhani ya pa Jenda ingalume ikadziwika.

Fisher ndi Ury adalimbikira mfundo yoti mphamvu ya munthu pa tebulo imachokera pa zomwe angachite zokambirana zikalephereka. Kwa dalaivala, njira yotsalayo ndi ofesi ya zantchito kenako khoti la milandu ya apantchito. Wophunzira ayenera kuiika mtengo njira imeneyi. Tiyerekeze kuti akuona kuti khoti lingapereke K3,000,000, ndipo mwayi wopambana ndi 7 mwa 10. Ndiye kuti mlanduwo lero ukulemera K2,100,000. Achotsepo za mayendedwe, za loya, ndi kuguga kwa ndalama podikira chigamulo. Ameneyu si mantha wamba, chifukwa mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo yemwe ankadikira chipepeso chake nthawi imeneyo adadzalandira ndalama yogula zochepa. Akachotsa zonsezi amafika cha pa K1,800,000, pomwe kasitomala wake adaika kale malire. Tsopano wophunzira akudziwa chifukwa chake malirewo ali pamenepo, ndipo munthu wodziwa chifukwa cha malire ake savuta kuwasunga zinthu zikatentha.

Wophunzira woyamba

Amalowa m'chipinda, apatsana moni, ndipo wothandizira, yemwe dzulo lomweli amamuthandiza kupeza mabuku mu laibulale, lero nkhope ili gwa. Amayamba ndi kukumbutsa kuti zonse zokambidwa pano n'zofuna kuthetsa nkhani, sizidzatengedwa ngati umboni kukhoti. Kenako amati: "A loya anzanga, ife tabwera chifukwa cha ulemu chabe. Munthu wanu adasowetsa mabelo 40. Tamvani, mwabwera ndi chiyani?"

Wophunzira amatsegula fayilo n'kuwerenga masamu ake onse mosaphonya, mpaka pa K2,360,000. Wothandizira amapukusa mutu. "Ndalama imeneyo bwana wanga sangaimve n'komwe. K500,000, ndipo apolisi tiwasiya kunja kwa nkhaniyi." Kenako amangokhala chete, akuyang'ana pepala lake.

Chete ameneyu ndi chida, ndipo wothandizira wabwino amamusunga mpaka wophunzira atayamba kutuluka thukuta. Pakatha kamphindi wophunzira amadzitsitsa yekha: "Mwina tingaganizire K2,000,000." Wataya K360,000 mbali inayo isanasunthe ngakhale pang'ono. Pofuna kuonetsa kuti nkhaniyi ndi ya moyo wa munthu, amaonjeza kuti kasitomala wake ali ndi ngongole ya lendi ndipo wapeza ntchito ina yomwe siyidikira. Iye akuganiza kuti akugwira mtima wa mnzakeyo, koma loya wa kampani wangomva chinthu chimodzi, kuti anthuwa alibe nthawi yopita kukhoti. Kuchokera pamenepo sakwezanso msanga. Amafika pa K1,000,000, kenako K1,300,000, ndipo mphindi zisanu zitatsala amati: "Tigawane pakati, ndipite ndikamenyane ndi bwana. K1,500,000 lero lomwe, cheke m'manja." Wophunzira amavomera ndi mpumulo waukulu.

Zolakwa zake zilipo zingapo, koma chachikulu n'chakuti wavomera ndalama yochepera malire omwe kasitomala adamupatsa, asanamufunse. Loya alibe mphamvu yotere, chifukwa mlandu ndi wa kasitomala. Akadangoti "ndikafunse kaye mwini nkhani" akadadzipulumutsa. Ndipo kalata, yomwe ndiyo idamubweretsa dalaivala kwa loya, saitchula ngakhale kamodzi.

Onaninso zomwe nambala yoyamba idachita. Pakati pa K2,360,000 ndi K500,000 pali K1,430,000, ndipo mgwirizano udagwera pafupi pomwepo. Aliyense amene adanenererapo mtengo wa jekete pa kaunjika amadziwa kuti wogulitsa akayambira pamwamba, ngakhale wogula wouma mtima amathera pamwamba kuposa momwe amaganizira. Akatswiri a zamaganizo Amos Tversky ndi Daniel Kahneman adaonetsa mu 1974 kuti ngakhale nambala yopanda tanthauzo imakoka maganizo. Adazunguza gudumu lomwe adalikonzeratu kuti liziima pa 10 kapena pa 65, n'kufunsa anthu kuti mwa mayiko 100 alionse a m'bungwe la mgwirizano wa mayiko onse, a mu Africa angakhale angati. Omwe adaona 10 adayankha cha pa 25, omwe adaona 65 adayankha cha pa 45. K500,000 ya loya wa kampani ikugwira ntchito ya gudumu limenelo.

Wophunzira wachiwiri

Uyu amalandira moni womwewo ndi nkhope yomweyo, koma sathamangira nambala. "Zikomo akulu. Tisanafike pa ndalama, ndithandizeni zinthu zingapo. Kasitomala wanga adaitanidwa liti kuti adzayankhe mlanduwu? Muli ndi kalata yomuitana, kapena zolemba za bwalo lomwe lidakhala?" Wothandizira amazungulira pang'ono, n'kunena kuti nkhaniyo idali yoonekeratu, koma pomaliza amavomera kuti bwalo silidakhale. Funso lachiwiri limatsatira: "Nanga yemwe adawerenga mabelo pokweza ndani, ndipo adzabwera kudzachitira umboni?" Apa loya wa kampani amati zimenezo zidzaoneka nthawi yake. Wophunzira watcheru amalemba yankho limeneli, chifukwa munthu yemwe ali ndi mboni yolimba sachedwa kuitchula.

Akatero m'pomwe amatchula nambala yake, K3,480,000, n'kuimasula. Ndalama ya zaka za ntchito ndi notisi zili momwemo, koma chipepeso akuchiwerengera mwezi wathunthu pa chaka chilichonse, K2,080,000, poti munthu wochotsedwa ndi dzina lakuba amavutika kupeza ntchito ina. Nambalayi ndi yokwera koma ili ndi miyendo, ndipo uku ndi kusiyana kwake ndi kungotchula mamiliyoni khumi, komwe kumangochititsa mbali inayo kutseka fayilo. Loya wa kampani akaponya K500,000 yake, wophunzira samuyankha ndi nambala ina. Amangofunsa kuti ndalamayo yawerengedwa bwanji, ndipo ndi ndime iti ya lamulo yomwe ikuichirikiza. Za apolisi amaziyankha mwachidule, kuti ngati kampani ili ndi umboni khomo la polisi n'lotsegula, koma nkhani ya lero ndi ya kuchotsedwa ntchito. Kenako nayenso amakhala chete.

Pakatikati wothandizira amaponya mwala woyesera: "Kodi munthu wanuyu adaimapo pena paliponse panjira?" Apa phunziro limafika pa khalidwe la loya. Wophunzira sangati "sadaime," chifukwa limenelo ndi bodza pa zomwe zidachitikadi, ndipo loya wonama pa zotere amaika pachiswe ntchito yake ndi mgwirizano womwewo. Sayeneranso kuulula chinsinsi cha kasitomala wake. Njira yoongoka ilipo: "Zomwe kasitomala wanga wandiuza n'zapakati pa iye ndi ine. Mafunso amenewa mukadamufunsa pa bwalo lija simudaitanitse. Udindo wopereka umboni uli kwa inu." Yankho limeneli limatuluka bwino pokhapokha atalikonzeratu kunyumba. Wosakonzekera amachita chibwibwi, ndipo chibwibwicho chimaulula zonse.

Kenako wophunzira amafunsa funso lomwe ambiri amaliiwala, loti kupatula ndalama, kampani ikufuna chiyani kuti nkhaniyi ithe. Wothandizira amaloledwa kuyankha zoona akafunsidwa chonchi. Amati bwana sadzapepesa, sadzamubweza munthuyo, ndipo akufuna nkhaniyi isamveke kunja. Wophunzira wapeza zogulitsa zomwe kasitomala wake sakuzifuna n'komwe, poti dalaivala sakulakalaka kubwerera ku Limbe kapena kumva "pepani" wa bwana. Amazipereka ngati zolemera, chimodzichimodzi, ndipo chilichonse amasinthanitsa ndi kanthu. "Tikasiya zobwerera pantchito, ndalama ifika pati? Tikalonjeza chinsinsi, mutilembera kalata yotani?"

Pa kalata pali msampha wina wobisika. Ndime 31 ya lamulo lomwe lija imati wantchito akapempha, wolemba ntchito ayenera kumupatsa chikalata chosonyeza nthawi yomwe wagwira, udindo wake ndi malipiro ake, ndipo chifukwa chochokera chimalembedwamo pokhapokha mwini wake atafuna. Loya wa kampani wochenjera amayesa kugulitsa chikalata chimenechi ngati mphatso, kuti achotserepo K200,000. Wophunzira wowerenga amamukumbutsa kuti chimenecho ndi ufulu kale. Chomwe akukambirana ndi choposa pamenepo, kuti kampani ibweze kalata ya pa geti ija n'kulemba kuti mbali ziwirizi zasiyana mogwirizana.

Akafika pa K2,400,000 loya wa kampani amadandaula kuti ndalama yotere pakamodzi palibe. Wophunzira samatsitsa, amangoiduladula: K1,500,000 pasanathe masiku 7, ndipo K900,000 yotsala pasanathe masiku 60. Amapempha mphindi zisanu kuti aimbire kasitomala, yemwe amaseweredwa ndi mphunzitsi panja pa chitseko, ndipo akabwerera amakhala pansi kulemba. Wasiya K200,000 pa tebulo osadziwa, koma zimenezo sizidetsa nkhawa mphunzitsi aliyense wanzeru. Palibe amene amakolola mpata wonse, ndipo woyesa kutero nthawi zambiri amagwetsa zokambirana.

Kulembako si mwambo chabe. Mgwirizano uyenera kutchula masiku olipirira, chomwe chidzachitike gawo lachiwiri likachedwa, ndi mawu enieni a kalata ija, osati kungoti "kampani idzapereka kalata yabwino." Loya wa kampani adzafuna chiganizo choti dalaivala sadzafunanso kalikonse, ndipo wophunzira ayenera kuonetsetsa kuti chiganizocho sichikumeza ndalama za penshoni ndi za masiku a tchuthi omwe sadapite.

Mtolo wa wothandizira

Wina angafunse chifukwa chomwe sangangowaphatikiza ophunzira awiriawiri. Zimachitika, ndipo zili ndi ubwino wake. Koma anzawo a m'kalasi amachitirana manyazi, amaonetsana mapepala kuseri, ndipo awiri osadziwa amatha kugwirizana zolakwika onse akusangalala. Wothandizira amabweretsa mdani mmodzimodzi kwa aliyense, kotero kusiyana kwa K1,500,000 ndi K2,400,000 kumachokera kwa wophunzira, osati kwa mwayi wa yemwe wakumana naye.

Kuti zimenezi zitheke, wothandizira amafunika makwerero olembedwa. Ayambire pa K500,000. Wophunzira akatchula zoti bwalo silidakhale, akwere kufika cha pa K1,200,000. Akafunsa za mboni, afike pa K2,000,000. Akapereka chinsinsi kapena kulola kulipira pang'onopang'ono, atsegule mpaka denga. Asakwere chifukwa choti wophunzira wakweza mawu, wabwereza zomwezo katatu, kapena akuoneka kuti alira. Ichi chomalizachi n'chovuta, chifukwa wothandizira ndi munthu ndipo wophunzirayo amamudziwa. Koma chifundo cha m'chipinda muno adzachilipira ndi dalaivala weniweni zaka zikubwerazo, pomwe loya wake adzayembekezera kuti mbali inayo imumvera chisoni.

Nkhanza nazo zimaononga chimodzimodzi. Pali othandizira ena omwe amaona seweroli ngati mpata woonetsa kuti iwo ndi akatswiri. Amadula mawu, amanyoza, sasuntha ngakhale wophunzira atabweretsa mfundo yolondola. Wophunzira amatuluka ataphunzira kuti kukonzekera kulibe phindu, lomwe ndi bodza loipa kuposa loyamba lija. Choipa china ndi kupeka. Wothandizira akapanikizidwa n'kutulutsa mboni yomwe m'pepala mulibe, kapena kanema wa pa geti yemwe palibe adamulemba, masamu onse a wophunzira amasanduka opanda pake, komanso amakhala akumuphunzitsa kuti loya amaloledwa kunama. Funso likabwera lomwe pepala silidayankhe, yankho loyenera ndi lomwe loya weniweni amapereka: "Zimenezo ndilibe malangizo ake." Asatulukenso m'sewero kuti aphunzitse. Akaona wophunzira akugwera m'dzenje amusiye agwere, chifukwa nthawi yophunzitsa ikubwera.

Mphunzitsi angadziwe bwanji kuti wothandizira wake akusewera bwino? Ayang'ane zotsatira za kalasi yonse pamodzi. Ngati onse athera pa nambala imodzi, ndiye kuti wothandizira akuyendera njira yake osamvera zomwe wophunzira akunena. Ngati palibe amene wagwirizana naye, waumitsa. Ngati onse afika pafupi ndi denga, wafewetsa, kapena pepala lake lachinsinsi latuluka, zomwe zimaoneka msanga pomwe olowa masana akuchita bwino modabwitsa kuposa olowa m'mawa. Mankhwala ake ndi kusintha manambala pakati pa magulu. Ndipo ine ndimalimbikira kuti wosewera loya wa mbali inayo asakhale yemwe akupereka malikisi. Wophunzira sangakanire molimba munthu yemwe akudziwa kuti mawa agwira cholembera chofiira pa dzina lake, makamaka kwathu kuno komwe tidaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pamaso.

Sewero likatha, mapepala onse amaikidwa poyera. Iyi ndiyo nthawi yomwe phunziro limalowa m'mutu, ndipo iyenera kupatsidwa mphindi zosachepera za sewerolo. Wophunzira woyamba akaona K2,600,000 pa pepala la kampani amagwira pakamwa. Wothandizira, yemwe tsopano wabwerera kukhala mnzake, amamuuza mphindi yeniyeni yomwe adasiya kumuopa: "Mutangotchula za lendi, ndidadziwa kuti simupita kukhoti." Mawu otere loya weniweni wa mbali inayo sadzakuuzani moyo wanu wonse, ndipo ndiwo phindu lalikulu la phunziroli. Malikisi nawo asatsatire ndalama yokha. Wophunzira yemwe wakana K1,600,000 n'kutuluka popanda mgwirizano wachita bwino kuposa yemwe wasainira K1,500,000, chifukwa wasunga malire a kasitomala wake.

Phunziroli lili ndi polekezera pake. M'mphindi 40 mulibe mkazi wa dalaivala yemwe akufunsa za ufa, mulibe bwana yemwe amasintha maganizo usiku, ndipo ndalama zake n'zapapepala. Silikonzekeretsanso munthu ku bwalo la amfumu kapena kwa ankhoswe, komwe anthu amakhala akukonza ubale woti upitirire, ndipo kuyamba ndi nambala yokwera kungaoneke ngati chipongwe. Limaphunzitsa mtundu umodzi wa kukambirana, wa maloya awiri oimira anthu omwe akusiyana.

Pali msampha wotsiriza womwe wothandizira amautchera zinthu zikafika povuta. Amatseka fayilo mwaulemu n'kunena kuti bwana wapita kunja, ndiye bwanji akumanenso pakatha mwezi. Ophunzira ambiri amavomera, ena mothokoza. Aiwala mzere wa m'pepala loyamba woti papita kale masabata 10. Ndime 62 imapatsa wochotsedwa ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule kwa ofisala wa zantchito wa m'boma lake, ndipo mwezi wa loya wa kampaniwo ukatha nthawiyo idzakhala itadutsa, ntchito yatsopano ija itapitanso. Wophunzira wokonzeka amayankha kuti adikira, koma dandaulo akalipereka mawa m'mawa. Inunso owerenga, ngati mwachotsedwa ntchito ndipo abwana akukuuzani kuti mudekhe tikambirana, kambiranani nawo ndithu, koma kalembetseni dandaulo lanu ku ofesi ya zantchito miyezi itatuyo isanathe.